Malangizo Othandizira Mwana Kupeza Yekha Yankho la Samu

Malangizo awa ndi a aphunzitsi, a anthu ophunzitsa patitayimu m'makonde, a achimwene ndi achemwali amene amakhala pansi ndi ana madzulo, komanso a atsogoleri a magulu owerengera limodzi m'dera la Chileka ndi Lirangwe, kumidzi ya boma la Blantyre. Tonse timadziwa mmene zimakhalira. Mwana wa Sitandade 8 amabwera ndi kope nati, "Aphunzitsi, samu iyi yandikanika." Ife timalanda cholembera, n'kuikonza samuyo mzere ndi mzere, iye akugwedeza mutu. Mawa lake samu yofanana nayo imamukanikanso. Tsiku la mayeso a MANEB m'chipinda muja mudzakhala iye, pepala ndi cholembera basi. Choncho ntchito yathu ndi kumutsina khutu pang'onopang'ono, kuyambira ndi thandizo laling'ono kwambiri, mpaka afike pa yankho ndi mutu wake.

Tigwiritsa ntchito samu imodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Ndi ya phindu, mtundu umene ana amakumana nawo m'makalasi omaliza a pulayimale:

Mayi wina anapikula beseni la tomato pa K12,000 ndipo analipira K3,000 kuti kabaza amufikitsire pamsika wa Lirangwe. Anaunjika milu 36 n'kugulitsa mulu uliwonse pa K500. Pezani peresenti ya phindu lake.

1. Ikonzeni nokha samuyo mwana asanafike

Munthu sangalozere mnzake njira imene iye sanayendepo. Musanayambe, lembani samu yonse pakapepala kanu. Ndalama zolowa ndi 36 × 500, zomwe ndi K18,000. Mpamba ndi K12,000 kuwonkhetsa K3,000, yomwe ndi K15,000. Phindu ndi K3,000. Peresenti ndi 3,000 ÷ 15,000 × 100, ndipo yankho ndi 20.

Mukatero funani malo amene mwana angapunthwe, ndipo muwerengeretu yankho limene kupunthwako kumabala. Akaiwala ndalama ya kabaza, adzapeza phindu la K6,000 pa mpamba wa K12,000, n'kulemba 50. Akagawa phindu ndi ndalama zogulitsira m'malo mwa mpamba, adzapeza 16 ndi kanthu pamwamba. Akalemba K3,000 n'kuika cholembera pansi, ndiye kuti sanaone kuti funso likufuna peresenti. Mphunzitsi amene wakonzeka chonchi akangoona 50 m'kope amadziwa nthawi yomweyo pamene pavuta, ndipo sataya nthawi kufotokoza zimene mwanayo akuzidziwa kale. Kapepala kanuko kapindeni, kakhale m'thumba.

2. Cholembera chikhale m'dzanja la mwana

Lamuloli n'lalifupi koma ndi limene limatipirira. Dzanja lanu likangogwira cholembera, mutu wa mwana umapumula. Ngati pali chojambula, ajambule iye. Ngati pali chofufuta, afufute iye. Mukafuna kuloza, lozani ndi chala.

3. Yambani mwapeza pamene wakakamira

Mawu akuti "yandikanika" amabisa mavuto osiyanasiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Mwana wina Chingerezi cha funsolo ndicho chamutchinga, popeza kuyambira Sitandade 5 mabuku a masamu ali m'Chingerezi pomwe kunyumba ndi kumsika amayankhula Chichewa kapena Chiyao. Wina funso walimva koma sakudziwa poyambira. Wina njira akuidziwa, chamugwetsa ndi kuchulukitsa 36 ndi 500. Ndiye pali wina amene akungoopa kulakwa pamaso panu.

Njira yodziwira ndi kumuuza atseke buku n'kukusimbirani nkhaniyo m'mawu ake: "Tandiuza, mayiwa anatani?" Akasimba bwino, vuto si chiyankhulo. Akasiya kabaza posimba, mwapeza kale chimene chidzamugwetse. Kenako funsani, "Nanga akufuna upeze chiyani?" ndi "Wayesapo chiyani? Ndionetse." Ngakhale zimene wafufuta ziwerengeni, chifukwa nthawi zambiri mzere wofufutidwa ndi umene unali wolondola.

Katswiri wa masamu wa ku Hungary, George Polya, m'buku lake la 1945 lotchedwa How to Solve It, anaika kumvetsa funso patsogolo pa zonse. Kukonza njira, kuitsata ndi kubwerera kukaona ngati yankho lili lomveka zimadza pambuyo. Ambiri a ife timathamangira pa kuwerengera, mwana asanadziwe n'komwe kuti akusaka chiyani.

4. Mukafunsa, khalani chete

Mayi Mary Budd Rowe a ku Amereka, amene ankafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi, anajambula mawu a m'makalasi ambiri ndipo m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako amayankha okha kapena kuloza mwana wina. Pamene ankadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana ankatalika ndipo ana ofatsa ankayamba kuyankhulapo. Kwathu kuno pali chinanso: mwana woleredwa bwino safulumira kuyankha wamkulu, amayang'ana pansi kaye. Kuyang'ana pansiko musakuyese umbuli. Werengani chamumtima mpaka khumi. Ngati milomo yake ikugwedera kapena cholembera chikuyenda, musamudule, akugwira ntchito. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Kwerani makwerero a thandizo limodzilimodzi

Apa ndiye pagona luso lonse. Thandizo lili ndi misinkhu, ndipo timayambira pansi.

Msinkhu woyamba ndi funso lomubwezera ku nkhani: "Munthu amadziwa bwanji kuti wapindula?" Wachiwiri ndi kumulozera malo: "Tawerenganso chiganizo choyamba." Wachitatu ndi kumukumbutsa njira kapena kumupatsa samu yaing'ono yofanana nayo, ya manambala osavuta. Wachinayi ndi kumuyambira mzere umodzi pakamwa kuti iye amalize. Wachisanu, womwe ndi womaliza, ndi kukonza pamaso pake samu ina ya mtundu womwewo, kenako n'kumubwezera yake ija kuti aikonze yekha.

Lamulo loyendetsera makwererowa n'losavuta kulikumbukira. Mwana akalephera, kwerani msinkhu umodzi wokha. Akakhoza, tsikani msinkhu umodzi kapena khalani chete. Maganizo amenewa anatchuka ndi kafukufuku wa David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross wa mu 1976, amene ankaonerera mphunzitsi akuthandiza ana a zaka zitatu mpaka zisanu kumanga kansanja ka timatabwa. Iwo anayerekeza thandizo lotere ndi thandala limene amisiri amakwerapo pomanga nyumba: limakwezedwa malinga ndi khoma, ndipo nyumba ikaima limachotsedwa.

Tiyeni tione mmene zingayendere. Tinene kuti mtsikana wa Sitandade 8 wabwera kwa mphunzitsi wake ataweruka, ndipo m'kope mwake walemba 50.

"Tandionetsa, 50 ameneyu wamupeza bwanji?"

"Ndachulukitsa 36 ndi 500, ndapeza 18,000. Ndachotsera 12,000, yatsala 6,000. Ndiye ndagawa ndi 12,000."

"Kuchulukitsako kuli bwino, 18,000 ndi yolondola. Tsopano tiyerekeze kuti mayiwa ndi amayi ako. Afika kunyumba madzulo ndi K18,000 pachitenje. Ndi ndalama zingati zimene zinatuluka m'manja mwawo tsiku limenelo?"

"12,000, aphunzitsi."

Funso la msinkhu woyamba silinagwire. Mphunzitsi sakunena kuti "waiwala kabaza," chifukwa kutero n'kumulanda chinthu chomwe akanachipeza yekha. Akukwera msinkhu umodzi.

"Tawerenganso chiganizo choyamba mokweza, pang'onopang'ono."

Mtsikanayo akuwerenga, ndipo atafika pa K3,000 akuima. "Aa! Ya kabaza ija."

"Yatani ya kabaza?"

"Nayonso inatuluka. Ndiye zonse ndi 15,000. Phindu ndi 3,000 basi."

Wakhoza, choncho mphunzitsi akutsika: "Pitiriza." Sakuwonjezera kanthu. Mtsikanayo akulemba 3,000 pamwamba, n'kukayikakayika, kenako akulemba 18,000 pansi. Kumeneku n'kupunthwa kwachiwiri kuja, ndipo kukuonetsa kuti poyamba paja anagawa ndi 12,000 mongoloweza, osadziwa chifukwa chake. Mphunzitsi akumusiya amalize, apeze 16 ndi zotsalira zosatha, kenako akufunsa:

"N'chifukwa chiyani wasankha 18,000 kuti ikhale pansi?"

"Poti ndi yaikulu."

Yankho ngati ili ndi lamtengo wapatali, chifukwa likuulula lamulo labodza limene mwana wadzipangira. Kumulozera chiganizo sikungathandize pano, pakufunika msinkhu wachitatu, samu yaing'ono.

"Siya kaye tomato. Wagula chinthu pa K100, wagulitsa pa K150. Wapindula zingati?"

"K50."

"Peresenti ndi kufunsa kuti pa 100 iliyonse imene munthu walowetsa, wapindula zingati. Iwe walowetsa K100, wapindula K50. Ndi peresenti yanji?"

"50."

"Chabwino. Tsopano yesa njira yako ija pa samu yaing'onoyi. Ika yaikulu pansi."

Akulemba 50 pamwamba pa 150, ndipo akupeza 33 ndi zotsalira. Akuyang'ana manambala awiriwo kwa kanthawi. Mphunzitsi ali duu.

"Sizikugwirizana. Pansi pakuyenera kukhala 100."

"100 ameneyo ndi chiyani m'nkhani yathu?"

"Ndi imene ndinalowetsa. Mpamba."

"Bwerera ku tomato."

Akufufuta 18,000, akulemba 15,000, akuchepetsa n'kupeza gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo akulemba 20.

Onani zimene mphunzitsi wanena ndi zimene wasunga. Wanena tanthauzo la peresenti, chifukwa limenelo ndi pangano la anthu, mwana sangalifukule m'mutu mwake. Koma sanayambe ndiye kutchula kabaza, sanatchule 15,000, sanatchule 20, ndipo sananene kuti pansi pamakhala mpamba. Zinayi zonsezi zatuluka m'mutu mwa mtsikanayo. Zatenga nthawi yochuluka kuposa kungomukonzera, n'zoona, koma lamulo lake labodza lija laswekera m'manja mwake, ndipo lamulo losweka chotero kawirikawiri silibwerera.

6. Yankho lolakwika musaliphe msanga

Mukangoti "walakwa," mwana amafufuta zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo mumayambiranso pachiyambi ali wokhumudwa. Ndi bwino kutchula chimene chili cholondola, monga mphunzitsi uja anachitira ndi 18,000, kenako n'kulola kuti cholakwikacho chidziulule chokha.

Nachi chitsanzo china chachifupi, cha samu ya nthawi. Munthu wanyamuka pa njinga ku Chileka 9:45 mmawa ndipo wafika ku Lirangwe 11:20. Wayenda nthawi yaitali bwanji? Ana ambiri amasanja manambalawa n'kuchotsera ngati ndalama, n'kupeza ola limodzi ndi mphindi 75. Musathamangire kunena kuti pobwereka ola timabwereka 60 osati 100. Funsani kuti, "Kuchoka 9:45, pakhala mphindi zingati kuti ikwane 10 koloko?" Adzati 15. "Nanga kuchoka pamenepo?" Adzawerenga ola limodzi kufika 11 koloko, ndi mphindi 20 pamwamba, n'kupeza ola limodzi ndi mphindi 35. Tsopano ali ndi mayankho awiri a funso limodzi, ndipo mungamufunse kuti, "Kusiyana kwa 75 ndi 35 kwachokera kuti?" Kusiyanako ndi 40, komwe kulinso pakati pa 100 ndi 60. Mwana amene wadzionera yekha zimenezi amayamba kusamala pobwereka.

Nkhope yanunso isamalireni. Ana ndi akatswiri owerenga nkhope ya mphunzitsi. Ngati mumafunsa kuti "watsimikiza?" pokhapokha akalakwa, amaphunzira kuti funsolo likutanthauza kuti asinthe yankho. Muzifunsa "wadziwa bwanji?" pa yankho lolondola ndi lolakwika lomwe, ndi mawu amodzimodzi.

7. Chenjerani ndi kumutafunira

Vuto ili limagwira aphunzitsi achikondi, amene safuna kuona mwana akuvutika. Amaidula samu m'tizidutswa ting'onoting'ono: "36 kuchulukitsa ndi 500? Eya. 12,000 kuwonkhetsa 3,000? Eya. Tsopano chotsera. Tsopano gawa ndi 15,000." Mwana amayankha funso lililonse molondola, amalemba 20, ndipo onse awiri amasangalala. Komatu amene waganiza ndi mphunzitsi, mwana wangowerengera. Chovuta m'samu imeneyi sichinali kuchulukitsa, chinali kudziwa kuti achulukitse chiyani, awonkhetse chiyani, agawe ndi chiyani.

Zizindikiro zake n'zooneka. Inu ndi amene mukuyankhula kwambiri. Mayankho a mwana ndi a liwu limodzi. Maso ake ali pa inu, osati pa kope. Ndipo mukamufunsa kuti "tichite chiyani tsopano?" amangoti zii. Mukaona zimenezi, sinthani mafunso. Siyani kufunsa kuti "zingati?" muyambe kufunsa kuti "ukufunika kudziwa chiyani usanapeze phindu?" Funso loyamba limamupatsa njira, lachiwiri limamutuma kukaifuna.

Palinso kudulira mawu, chizolowezi chimene tinakulira nacho m'makalasi athu: "Timagawa ndi mpa…?" ana onse n'kuyankha "…mba!" Kumeneko n'kumaliza liwu, si kuganiza.

8. Pali zimene muyenera kungomuuza

Musasandutse chilichonse kukhala mwambi woti amasulire. Tanthauzo la liwu la Chingerezi, dzina la chizindikiro cha %, kuchuluka kwa mamita mu kilomita, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu: izi munthu amauzidwa kapena amawerenga. Mwana amene sakudziwa liwu la Chingerezi lotanthauza phindu muuzeni, alilembe kumapeto kwa kope, mupitirire. Kumuzungulitsa pa zotere kumangomutopetsa ndi kumuchititsa manyazi.

Chimodzimodzinso ngati phunzirolo sanaliphunzirepo. Mwana amene anajomba sabata imene anzake ankaphunzira peresenti, mwina chifukwa cha malungo kapena mtsinje utadzaza, alibe choti mumukumbutse. Ameneyo muphunzitseni kaye bwinobwino ndi chitsanzo chathunthu. Zomutsina khutu zibwere pa samu yachiwiri. Ndipo ngati mwakwera misinkhu itatu koma nkhope ikugwa, misozi ikulengeza, musaumirire. Pitani ku msinkhu wachisanu, mukonze samu ina iye akuonerera, mukuyankhula mokweza zimene mukuganiza pa mzere uliwonse. Mwana wanjala kapena wotopa ndi ulendo wapansi sangaganize mozama ngakhale mafunso anu atakoma bwanji, mupumitseni.

9. Yankho likapezeka, ntchito sinathe

Choyamba, atsimikize yekha. Mufunseni kuti, "Ungadziwe bwanji kuti 20 ndi wolondola popanda ine?" Akhoza kupeza 20 peresenti ya K15,000 n'kuona ngati ikubwerera ku K3,000. Luso limeneli ndi limene lidzamupulumutse m'chipinda cha mayeso.

Chachiwiri, atseke kope n'kukufotokozerani njira yonse kuyambira poyamba, ndi zifukwa zake. Akati "ndinagawa ndi 15,000," funsani kuti bwanji osati 18,000.

Chachitatu, mupatseni samu yatsopano imene yavala malaya ena, ndipo musamuthandize konse. Mwachitsanzo: bambo wina anagula mbuzi pa K40,000, koma atapanikizika ndi fizi anaigulitsa pa K34,000, pezani peresenti ya kuluza kwake. Yankho ndi 15. Samu imeneyi yasankhidwa dala: palibe kabaza, palibe milu, ndipo ndi yoluza. Koma zindikirani kuti pano mpamba ndi umene uli waukulu, choncho mwana wa lamulo labodza lija akhoza kukhoza mwangozi. N'chifukwa chake pakapita masiku awiri kapena atatu mumupatsenso ina ya phindu. Akaikhoza yekha, thandala lichotseni. Akakakamira, lembani m'kabuku kanu msinkhu umene wafunika lero. Mwana amene sabata yatha ankafuna msinkhu wachinayi koma lero wadzuka ndi wachiwiri akupita patsogolo, ngakhale kuti sanafike poima yekha.

Poyamikira tchulani chimene wachita: "Wabwerera ku funso n'kupeza ya kabaza ija wekha." Mawu otere amamuuza choti adzachitenso mawa.

10. Pamene ana ndi ambiri

M'kalasi lodzaza, kapena pansi pa mtengo pomwe bolodi latsamira tsinde, simungakhale ndi mwana aliyense payekha. Lembani samu pabolodi, ndipo apatseni mphindi zingapo ayese popanda thandizo lililonse. Yendani m'mizere mukuyang'ana manambala atatu aja: 50, 16 ndi K3,000. Mukaona kuti 50 wachuluka, lembani pabolodi funso limodzi lokha, lakuti "Ndi ndalama ziti zimene zinatuluka m'manja mwa mayiwa?" n'kuwasiyanso. Amene akhoza kale musawalole kufuula yankho. Apatseni samu ya mbuzi.

Mungathenso kulemba mfundo zounikira pa timapepala titatu, n'kuika manambala 1, 2 ndi 3 kumbuyo kwake. Gulu likakakamira limatuma mmodzi kudzatenga kapepala koyamba, ndipo silitenga kachiwiri lisanaonetse zimene lachita ndi koyambako. Njira imeneyi imathandiza kwambiri m'magulu owerengera limodzi a m'masekondale oyendera, momwe wophunzira wanzeru amakonda kulemba yankho anzake n'kukopera. Mtsogoleri wa gulu muuzeni momveka kuti ntchito yake ndi kufunsa, ndipo kope lake likhale lotseka mpaka aliyense atalemba kanthu.

Makolo ena akamva kuti mwalola mwana kulimbana ndi samu imodzi kwa nthawi yaitali amadandaula, makamaka ngati akulipira patitayimu ndipo akuyembekeza kuona masamba odzaza ndi machongi ofiira. Afotokozereni pachiyambi pomwe kuti masamu adzakhala ochepa pa tsiku, ndipo aitaneni tsiku lina adzakhale pambali, mwana wawo akukonza samu yatsopano inu manja ali kumbuyo.